Mawu akumveka, zolemba sizikuoneka: mumapempha chiyani kwa alekichala?

Pali imelo ina yomwe imafika kwa alekichala mayeso akayandikira. Imakhala yaifupi ndi yaulemu, koma kawirikawiri sipindulira amene wailemba. Imangoti vidiyo ya phunziro la sabata yatha sikuoneka bwino, chonde tumizani ina yooneka bwino. Basi. Alekichala akaiwerenga amatsegula fayilo yomwe ili pa laputopu yawo, n'kuona kuti kwa iwo zonse zili bwinobwino, ndiye amayankha kuti vuto ndi netiweki ya wophunzirayo. Kapena amatsegula n'kuona kuti zoonadi masilayidi ali mbuu, koma vidiyo ina alibe, ndiye amangokhala chete. Wophunzira uja amadikira masiku angapo, kenako amayamba kuuza anzake kuti bambo aja ndi ouma mtima.

Nthawi zambiri sikukhala kuuma mtima. Pempholo ndi limene limaphonya. Wophunzira wapempha chinthu chomwe mwina sichinakhaleko n'komwe, n'kusiya chinthu chaching'ono chomwe alekichala akanatumiza tiyi wawo asanazizire.

Kujambula maphunziro kunafala kuno kuyambira mu 2020, pomwe sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19 ndipo mayunivesite anayamba kufunafuna njira zophunzitsira pa intaneti. Mliri unadutsa koma chizolowezicho chinatsala, makamaka kwa amene amaphunzira ali kwawo kapena ali pantchito, omwe amapita kusukulu masabata ochepa chabe pa temu. Kwa munthu wotere vidiyo ndiye kalasi yake. Silayidi ikakhala yosawerengeka, gawo limenelo la phunziro lamudutsa.

N'chifukwa chiyani nkhope ikuoneka koma manambala ayi?

Chomwe chimazunguza ophunzira ambiri n'chakuti m'vidiyo yomweyo alekichala amaoneka bwino, taye yawo imadziwika mtundu, mawu amamveka, mutu wa silayidi umawerengeka, koma pomwe pali chofunika penipeni, monga tebulo la manambala kapena fomula, pamangooneka chimbuuzi. Chifukwa chake chili m'kawerengedwe kosavuta.

Chithunzi chilichonse cha pa foni kapena pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono totchedwa mapikiselo. Mukaona pa vidiyo palembedwa 1080p, ndiye kuti kuchokera pamwamba kufika pansi pali mizere 1080 ya timadonthoti. Ya 720p ili ndi mizere 720, ya 480p ili ndi 480, ndipo ya 360p ili ndi 360 yokha. Kumbali inayi, kukula kwa zilembo mu PowerPoint kumayezedwa ndi mapoyinti, ndipo silayidi ya masiku ano, yotambalala ija, ndi yotalika mapoyinti 540 kuchokera pamwamba kufika pansi. Tikayika manambala awiriwa pamodzi timaona msanga pomwe pagona vuto. Silayidi ikadzaza sikirini yonse ya 1080p, poyinti iliyonse imalandira timadontho tiwiri, choncho zilembo za mapoyinti 12 zimakhala ndi malo a timadontho 24. N'zokwanira bwino lomwe. Vidiyo yomweyo ikatsitsidwa kufika pa 360p, zilembo zomwezo zimatsala ndi timadontho 8, ndipo pa 8 pamenepo chilembo chenichenicho chimatenga mwina 5 kapena 6, chifukwa pamwamba ndi pansi pamatsala kampata.

Tsopano onjezerani chomwe chimachitika m'makalasi ambiri. Kamera kapena foni imayikidwa kumbuyo, imajambula alekichala, bolodi, mitu ya ophunzira a kutsogolo, ndi nsalu ya pulojekita yomwe imatenga theka chabe la kutalika kwa chithunzi. Ngati vidiyo yotere ili ya 480p, silayidi yonse yapatsidwa mizere 240. Zilembo za mapoyinti 12 zatsala ndi timadontho 5, nambala yeniyeniyo sikufika pa 4. Pa timadontho tinayi 3 ndi 8 amafanana, 5 ndi 6 amafanana, ndipo kadontho ka desimali sikafika ngakhale pa pikiselo imodzi, kamangosungunuka. Wophunzira unamwino yemwe akuwerenga mlingo wa mankhwala sangadziwe ngati palembedwa 2.5 kapena 25. Wophunzira kemisitiri sangasiyanitse H₂SO₄ ndi H₂SO₃, chifukwa kanambala kam'munsi kamakhala kakang'ono kuposa zilembo zinazo. Mutu wa silayidi, womwe nthawi zambiri umakhala wa mapoyinti 40 kapena kuposa, umapulumuka. Nkhope imapulumukanso chifukwa maso athu amazindikira munthu ngakhale chithunzi chili chosalongosoka. Nambala ilibe mwayi umenewo.

Izi zikutiuza kanthu kena kowawa. Ngati timadontho ta nambala sitinajambulidwe, palibe amene angatibwezeretse. Chimanga chikagayidwa sichibwerera kukhala chimanga. Kukulitsa chithunzi ndi zala kumangokulitsa chimbuuzicho, ndipo mapulogalamu onola chithunzi amangodetsa m'mbali mwa zomwe zilipo kale. Choncho funso loyamba si lakuti alekichala angaikonze bwanji vidiyo, koma lakuti inawonongekera pati. Ngati inawonongekera panjira, yabwino ilipo penapake. Ngati inabadwa yowonongeka, kupempha ina n'kutaya nthawi.

Inawonongekera pati?

Malo oyamba kukayikira ndi foni yanu yomwe. Vidiyo ikakhala pa YouTube, pulogalamuyo imasankha yokha mlingo malinga ndi mphamvu ya netiweki, ndipo netiweki ikafooka imatsika mpaka pa 360p, 240p, ngakhale 144p, osakuuzani. Chizindikiro chake n'chakuti chimbuuzi chimabwera n'kupita: mphindi ino zikuwerengeka, mphindi inayo zachita mbuu, ndipo mukabwerera pamalo omwewo nthawi ina mumapeza zasintha. Dinani kachizindikiro ka zosintha, pitani pa Quality, kenako Advanced, muone manambala omwe alipo. Ngati 720p kapena 1080p ilipo, isankheni. Simukuyenera kuonera ola lonse pa mlingo umenewo n'kumaliza bandulo. Pitani pa silayidi yovutayo, imitsani vidiyo, jambulani sikirini, n'kubwerera pa mlingo wotsika kuti mumvere mawu. Ngati vidiyo yangoikidwa kumene, dikirani kaye, chifukwa YouTube imayamba kutulutsa mlingo wotsika ndipo wapamwamba umabwera pambuyo pake. Google Drive nayo imachita zofanana mukamaonera pomwepo. Mukadawuniloda fayilo ndi pomwe mumapeza yeniyeni yomwe inaikidwa. Vuto likathera apa, imelo sikufunikanso.

Malo achiwiri ndi panjira, ndipo kuno kwathu panjira pamatanthauza WhatsApp. Alekichala amapereka fayilo kwa kilasirepu, kilasirepu amaiponya pa gulupu ya kalasi, wina amaitsitsa n'kuichepetsanso kuti atumizire mnzake wa bandulo yochepa. Vidiyo ikatumizidwa kudzera pa Gallery, WhatsApp imaifinya kuti ichepe, ndipo ngakhale mutasankha HD sipitirira 720p. Ikatumizidwa ngati Document imapita momwe ilili, mpaka kukula kwa 2 GB. Kufinya kumeneku kumataya tinthu tating'ono poyamba, ndipo tinthu tating'onoto ndi manambala athu aja. Mungaizindikire vidiyo yofinyidwa poona timabokosi tomwe timaoneka m'mbali mwa zilembo, makamaka silayidi ikangosintha kapena munthu akadutsa. Pa mafoni a Android dzina la fayilo limaululanso: likayamba ndi VID- ndipo chakumapeto kuli WA ndi manambala, yadutsa pa WhatsApp. Pa kompyuta ya Windows dinani kumanja pa fayilo, sankhani Properties, kenako Details, muone Frame height. Pa pulogalamu ya VLC zomwezo zili pa Tools, Codec Information. Mukapeza 360 kapena 480, ndipo alekichala anajambula ndi foni kapena laputopu ya masiku ano, mwayi ndi waukulu kuti yoyambirira ndi yabwinopo.

Malo achitatu ndi pojambula penipeni. Apa zizindikiro zake n'zosabisika. Silayidi imaoneka yopendekeka chifukwa kamera inali chapambali. Nsalu ya pulojekita imayera mbee, zilembo n'kufufutika, chifukwa kamera inadziyezera kuwala potengera chipinda chamdima kapena nkhope ya alekichala. Nthawi zina alekichala amaoneka bwino kwambiri pomwe silayidi ili mbuu, kusonyeza kuti diso la kamera linalunjika pa munthu yemwe anali pafupi, osati pa khoma. Pena pamadutsa mizere yamitundumitundu yoyenda kuchokera pamwamba kupita pansi, chifukwa liwiro la kamera silinagwirizane ndi kuphethira kwa pulojekita. Ngakhale phunziro lochitikira pa Zoom likhoza kubadwa lowonongeka: pogawana sikirini pali kabokosi kolembedwa Optimize for video clip, komwe kanapangidwira kuonetsa kanema woyenda, ndipo kakachongedwa poonetsa masilayidi zilembo zimafooka. Mukaona zizindikiro zimenezi, dziwani kuti fayilo yomwe ili pa laputopu ya alekichala ili ndi matenda omwewo. Muipemphe ya 1 GB kapena ya 2 GB, mudzangotha bandulo n'kulandira chimbuuzi chomwecho.

Tiyerekeze ndi phunziro limodzi

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri yemwe amaphunzira ali kwawo, ndipo walandira pa gulupu vidiyo ya phunziro la masamu a kafukufuku. Ndi ya ola limodzi, ndipo kukula kwake ndi 45 MB. Zonse zikuyenda mpaka pa mphindi 23, pomwe alekichala akuonetsa tebulo la manambala n'kumati onani mzere wachitatu, nambala iyi ndi yomwe tikuifananiza ndi yomwe tapeza. Mzere wachitatuwo sukuwerengeka. Pa mphindi 41 pali fomula yomwe kanambala kake kam'mwamba sikakudziwika ngati ndi 2 kapena 3.

Kukula kwa fayilo kumanena zambiri kwa amene akudziwa kuwerengera. Megabayiti imodzi ili ndi mamegabiti 8, choncho 45 MB ndi mamegabiti 360. Ola lili ndi masekondi 3,600. Tikagawa timapeza kuti sekondi iliyonse yapatsidwa gawo limodzi mwa magawo khumi a megabiti, ndiye kuti makilobiti 100, ndipo pa 100 pamenepo mawu atengapo gawo lawo lalikulu ndithu. Zotsalira chithunzi ndi nyenyeswa. Poyerekeza, vidiyo ya ola limodzi yopatsidwa megabiti imodzi pa sekondi imakula 450 MB, ndipo yojambulidwa ndi foni pa 1080p osafinya imafika magigabayiti angapo. Palibe foni yomwe imajambula kalasi ola lathunthu n'kutulutsa 45 MB. Wina anaifinya.

Pano tichenjezane pang'ono, chifukwa kuchepa kwa fayilo pakokha si umboni. Vidiyo yojambulidwa kuchokera pa sikirini ya kompyuta, momwe mumaoneka silayidi yokha ndi mawu, ikhoza kukhala yaing'ono koma yowerengeka bwino kwambiri. Silayidi imaima malo amodzi mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pulogalamu yofinya imangosunga zomwe zasintha. Pomwe palibe chasintha sipawononga malo. Kamera ndi yomwe imadya, chifukwa pa chithunzi cha kamera chilichonse chimasuntha pang'ono nthawi zonse: dzanja likunjenjemera, kuwala kukusintha, mitu ikugwedezeka. Ndiye 45 MB ya sikirini ikhoza kukhala yabwino, pomwe 45 MB ya kamera ndi yakufa kale.

Mtsikana wathu akuona mitu ya anthu kutsogolo ndi nsalu ya pulojekita yotenga theka la chithunzi, choncho ndi ya kamera. Dzina la fayilo lili ndi WA, ndipo Frame height ikuonetsa 480. Wadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, yoyambirira ilipo ndipo ndi yabwinopo. Chachiwiri, ngakhale yoyambirirayo ikhale ya 1080p, silayidi inalandira mizere 540 yokha, zilembo za mapoyinti 12 zili ndi timadontho 12, ndipo ngati kuwala kwa pulojekita kunaziyeretsa zikhoza kukhalabe zovuta. Kuitsitsa kungamudyere bandulo ya mwezi wonse popanda chitsimikizo. Chomwe akufunikira kwenikweni si vidiyo ayi. Mawu ali nawo kale ndipo akumveka. Akusowa masamba awiri okha.

Masamba amenewo ali mu fayilo ya PowerPoint yomwe alekichala anagwiritsa ntchito, ndipo kuisandutsa PDF ndi ntchito ya mphindi imodzi: File, Save As, n'kusankha PDF. Mu PDF yotere zilembo sizisungidwa ngati timadontho koma ngati zilembo zenizeni, ndiye mukhoza kuzikulitsa momwe mungafunire osachita mbuu, pokhapokha ngati tebulolo linaikidwa pa silayidi ngati chithunzi. Kukula kwake nthawi zambiri ndi mamegabayiti ochepa, pansi kwambiri pa malire a 25 MB omwe Gmail imalola pa imelo imodzi. Vidiyo ya ola limodzi singadutse pa khomo limenelo; imafuna kuti alekichala aiike kaye pa Google Drive kapena pa Moodle, ntchito yomwe ingawatengere madzulo onse netiweki ikakhala yaulesi. Pempho la mphindi imodzi ndi pempho la madzulo onse sangayankhidwe mofanana, ngakhale munthu akhale wabwino mtima chotani.

Imelo yeniyeniyo

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alekichala sangadziwe kuti tebulo silikuoneka ngati palibe wawauza, pakuti ambiri saonera vidiyo ya phunziro lawo lomwe, ndipo akaonera amaonera pa laputopu, osati pa foni. Koma kuuza kuli ndi kauzidwe. Ku yunivesite imelo yotere imalembedwa m'Chingerezi, komabe zomwe ziyenera kukhalamo n'zomwezi. Pa mutu, mtsikana wathu alembe nambala ya kosi, tsiku la phunziro ndi vuto, mwachitsanzo kuti masilayidi awiri sakuwerengeka m'vidiyo ya Lachiwiri. Mutu wakuti thandizo, kapena wakuti mwachangu chonde, suuza munthu kanthu. M'kati mwake mukhale motere:

Aphunzitsi, ndine wophunzira wa chaka chachiwiri m'kosi yanu ya masamu a kafukufuku. Ndaonera vidiyo ya phunziro la Lachiwiri lapitali yomwe inatumizidwa pa gulupu ya kalasi. Mawu anu akumveka bwino, koma tebulo la pa mphindi 23 ndi fomula ya pa mphindi 41 sizikuwerengeka. Ndaikapo zithunzi ziwiri kuti muone momwe zikuonekera kwa ife. Ndayesa pa foni ndi pa kompyuta ndipo n'chimodzimodzi. Fayilo yomwe tinalandira ndi ya 45 MB, ndiye ndikuganiza kuti inachepetsedwa potumiza. Ngati n'kotheka, ndikupempha masilayidi a phunziroli ngati PDF, kapena masamba awiri okhawo. Ngati vidiyo yoyambirira ilipo, tingathokozenso mutaiika pomwe tingaitsitse. Tikugwiritsa ntchito tebuloli pa ntchito yomwe tipereke Lachisanu. Zikomo kwambiri.

Pansi pake alembe dzina lonse ndi nambala yake ya kusukulu, ndipo atumize kuchokera pa imelo ya sukulu ngati ali nayo, chifukwa imelo yochokera ku dzina lachibwana la pa Gmail imatha kugwera ku Spam kapena kungodumphidwa. Ngati alekichalawo ndi a Dokotala kapena a Pulofesa, awatchule motero.

Chiganizo chilichonse m'kalatayi chili ndi ntchito yake. Mphindi 23 ndi 41 zikupulumutsa alekichala kuti asaonere ola lonse pofunafuna pomwe pavuta. Zithunzi zikutseka kukangana kwakuti kwa ine zikuoneka bwino. Mawu akuti ndayesa pa foni ndi pa kompyuta akuyankhiratu funso loyamba lomwe akanafunsa, lomwe likanadya tsiku lina lathunthu. Kutchula kuti fayilo inachepetsedwa potumiza kukuchotsa mlandu pa iwo, ndipo si kunyengerera ayi, ndi zoona. Pempho laling'ono lili patsogolo, lalikulu lili pambuyo, kotero kuti ngakhale ali otanganidwa akhoza kuchita chimodzi. Tsiku la Lachisanu likuwauza chifukwa chofulumirira popanda kuwalamula.

Ine ndimaona kuti ophunzira athu amalakwira kwambiri mbali ya ulemu wopitirira kusiyana ndi mbali ya mwano. Tinaleredwa kuti wamkulu sumufikira ndi nkhani pomwepo, ndiye imelo imayamba ndi mizere isanu ya malonje ndi kupepesa, pempho n'kukabisala kumapeto, mwinanso osatuluka bwino. Pakhomo pa agogo zimenezo n'zoyenera. Koma munthu yemwe akuwerenga maimelo ambiri pa foni pakati pa makalasi awiri amalemekezedwa mukamusungira nthawi. Moni umodzi ndi zikomo mmodzi zakwana. Mbali inayo ikuchitikanso: imelo yakuti vidiyo yanu ndi yoipa, jambulaninso. Kupempha kuti munthu abwereze phunziro lonse chifukwa cha masamba awiri n'kupempha kuti akukanizeni.

Ngati vuto lagwera kalasi yonse, ndi bwino imelo ikhale imodzi, yochokera kwa kilasirepu, yokhala ndi mndandanda wa mphindi zonse zovuta. Koma musanalembe mufunseni kaye kilasirepuyo, chifukwa n'kutheka kuti fayilo yabwino ili pa fulashi yake ndipo ndi iye amene anaifinya poitumiza. Zikatero, ingomupemphani aitumizenso ngati Document, kapena agawire anthu pa fulashi. Ndipo musachedwe. Mavidiyo a Zoom osungidwa pa intaneti amatha kufufutidwa okha pakapita masiku omwe sukulu inakhazikitsa, ndipo amene anajambula ndi foni yake amafufuta yoyambirira malo akachepa. Kulemba sabata yomweyo kumapeza zinthu zikadalipo. Pakapita masiku atatu kapena anayi a ntchito popanda yankho, yankhani pa imelo yomweyo ndi mzere umodzi wokumbutsa, kuti zithunzi ndi mphindi zija zisasowe.

Akakana kupereka masilayidi

Si alekichala onse amene amagawa masilayidi awo, ndipo ena ali ndi zifukwa zomveka. Mwina muli zithunzi zochokera m'mabuku a eni ake zomwe saloledwa kufalitsa. Mwina muli zotsatira za kafukufuku wawo yemwe sanasindikizidwe. Ena amaopa kuti akagawa, ophunzira asiya kubwera m'kalasi kapena masilayidiwo apezeka akugulitsidwa pa malo ochitira fotokope. Mwa zifukwa zonsezi chomalizachi ndi chomwe sindigwirizana nacho pa nkhani yathuyi, chifukwa amene anavomera kuti phunziro lijambulidwe anavomera kale kuti zomwe zili pa silayidi zionedwe kunja kwa kalasi. Komabe imelo si malo okanganira zimenezo. Chepetsani pempho. Funsani masamba awiri okha, kapena chithunzi cha tebulolo, kapena dzina la buku ndi tsamba pomwe linachokera. Matebulo ambiri a masamu ndi mafomula ambiri ali m'mabuku a ku laibulale, ndipo alekichala akhoza kuyankha ndi mzere umodzi.

Pali gulu lina lomwe kwa iwo nkhaniyi si ya vidiyo imodzi yolakwika. Ophunzira omwe saona bwino, kuphatikizapo ambiri mwa anzathu achialubino, amavutika ndi zilembo zazing'ono ngakhale vidiyo ikhale yabwino. Kwa iwo PDF yomwe angaikulitse ndi chida chophunzirira cha tsiku ndi tsiku. Wophunzira wotere asamapemphe phunziro lililonse payekhapayekha ngati akupempha chifundo. Alembe kamodzi temu ikamayamba, afotokoze chomwe akufunikira, ndipo adziwitsenso ofesi yoona za ophunzira olumala kapena mkulu wa dipatimenti kuti likhale dongosolo.

Kwa alekichala, mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa kamera yatsopano. Ngati chofunika ndi masilayidi, jambulani sikirini osati khoma. PowerPoint yomweyo ili ndi Record Slide Show, yomwe imajambula mawu anu pa silayidi iliyonse, ndipo pa File, Export, Create a Video mukhoza kusankha 720p kapena 1080p n'kutulutsa vidiyo yowerengeka komanso yosalemera. Pa Zoom, kabokosi ka Optimize for video clip kasiyeni osachonga pokhapokha mukuonetsa kanema. Zilembo zikhale za mapoyinti 24 kapena kuposa, zomwe ngakhale pa 360p zimatsala ndi timadontho 16; tebulo lalikulu ligaweni pa masilayidi awiri. Manambala ofunika muziwatchula ndi pakamwa m'malo mongoti nambala iyi, chifukwa mawu amapulumuka pomwe chithunzi chafa. Mukamaliza, tsegulani vidiyoyo pa foni, pitani pa silayidi yodzaza kwambiri, muone ngati mukuiwerenga. Ndipo tsiku lomwe mukutumiza vidiyo, tumizani PDF yake limodzi, musadikire kuti wina alembe imelo.